Tsamba 7 latsala manambala okhaokha: ndilembe chiyani mu lipoti?

Mlembi, Mangochi Boma: Akuluakulu, ndapemphedwa kulemba lipoti la msonkhano wa za mijigo, koma chomwe ndalandira ndi mawu okha amene wina anakopera kuchokera mu PDF ya masilaidi, opanda matchati ndi zithunzi, ndipo amene anakamba nkhaniyo sakupezeka pa foni. Tsamba 7 likuoneka chonchi:

```
Mijigo yogwira ntchito
0 20 40 60 80 100
Makanjira Namwera Chilipa
2022 2023
Onani kusintha kwa ku Namwera
```

Tsamba 8 lili ndi mutu wakuti "Zifukwa", ndipo pansi pake pali kusowa kwa zipangizo ndi kufooka kwa makomiti. Kodi ndinganene chiyani mosanama?

Mphunzitsi, Monkey Bay: Mayi, ngati zithunzizo zinafufutika mu foni, pemphani mnzanu amene analandira uthenga womwewo akutumizireninso. Ine zinandichitikira ndi zithunzi za mayeso.

Mlembi, Mangochi Boma: Zikomo aphunzitsi, koma zithunzizo sizinafike kwa aliyense wa ife, chifukwa anatumiza mawu okha.

Wowerengera ndalama, Namwera: Manambalawo musawagawire madera ayi. Mukaona manambala akukwera ndi mpata wofanana kuyambira pa 0, dziwani kuti ndi muyeso wa m'mbali mwa tchati, osati zotsatira. Popeza akuthera pa 100, ndi maperesenti, ndipo poona tsamba 8 n'zoonekeratu kuti kwathu kuno mijigo yogwira ntchito inachepa. Lembani choncho.

Wosunga kaundula, Mangochi Boma: Achimwene a ku Namwera alondola pa za muyeso, koma pa zinazo ndikupempha tidekhe. PowerPoint imadziikira yokha malire a muyeso poona nambala yaikulu, kotero tchati chowerenga mijigo yeniyeni, yomwe yochuluka kwambiri ndi 90, chikhozanso kuthera pa 100. Popanda chizindikiro cha % pena paliponse, maperesentiwo ndi kuganizira chabe.

Chimene tsambalo likutsimikiza n'chochepa: madera ndi atatu, zaka ndi ziwiri, ndipo wokamba nkhaniyo anafuna kuti anthu ayang'ane Namwera. Manambala asanu ndi limodzi amene anali m'tchatimo palibe ngakhale imodzi imene yatsala, komanso mawu akuti "kusintha" sakunena ngati zinakwera kapena zinatsika. Tsamba 8 likukokera ku kutsika, n'zoona, koma zifukwazo zikhoza kukhala za madera awiri enawo, Namwera atatchulidwa ngati dera lomwe linachita bwino.

Musanalembe, mayi, funsani ngati wina mwa okonza msonkhano ali ndi fayilo ya `.pptx`, chifukwa kawirikawiri imatsala pa kompyuta imene inalumikizidwa ku pulojekita. Ikapezeka koma n'kukana kutseguka bwino, ikopereni, musinthe mathero a dzina lake kukhala `.zip`, kenako mutsegule. Zithunzi zimakhala mu `ppt/media`, manambala a tchati amasungidwa mu `ppt/charts`, ndipo zimene wokamba anadzilembera pansi pa tsamba zili mu `ppt/notesSlides`. Ngati tchaticho anachimata ngati chithunzi, mudzachiona ndi maso koma manambala ake sadzapezeka m'menemo.

Ikapanda kupezeka, siyanitsani zimene mwawerenga ndi zimene mwaganizira, ndipo chizindikiro chikhale pa chiganizo chomwecho, osati kumapeto kwa lipoti kumene ambiri safikako. Ine ndikanalemba motere: "Anaonetsa tchati choyerekeza mijigo yogwira ntchito ku Makanjira, Namwera ndi Chilipa mu 2022 ndi 2023 [tchati chikusowa, manambala sanapezeke]. Anatsindika za kusintha kwa ku Namwera [sizikudziwika ngati n'kukwera kapena kutsika, tsamba 8 likuonetsa ngati n'kutsika, koma wokamba atsimikize]."

Wowerengera ndalama, Namwera: Ndamva bambo, koma lipoti lodzaza ndi mawu akuti "sizikudziwika" apampando adzalibweza. Ine ndimakhala kuno, ndipo mijigo yowonongeka ndimaiona ndikamapita ku msika.

Wosunga kaundula, Mangochi Boma: Zimene mukuonazo sindikuzitsutsa, achimwene, ndipo zikhoza kulembedwa m'dzina lanu ngati umboni wa munthu wa m'deralo. Chovuta n'chakuti lipotili likunena zimene wokamba anaonetsa, ndipo tikamuika mawu m'kamwa, mawa wina adzatenga chiganizocho n'kupemphera nacho ndalama zokonzera mijigo ku dera lolakwika.

Mlembi, Mangochi Boma: Ndapeza kuti manambala a masamba akudumpha kuchoka pa 8 kufika pa 10, kutanthauza kuti tsamba 9 mwina linali chithunzi chokhachokha, ndiye ndalemba kuti likusowa. Maperesenti ndawachotsa, ndipo ndafunsa amayi awiri amene analipo pa msonkhanowo kuti andiuze zimene anaona, aliyense payekha. Chomwe sindinatsimikize n'chakuti, onse akanena kuti mzere wa Namwera unatsika, kodi chizindikiro chakuti "sizikudziwika" chija ndichichotse, kapena ndingolemba kuti ndi zimene opezekapo akukumbukira?