Kabuku ka had ndi was aka, tigule kapena tisiye?

Mayi wa ku Kapata: Aphunzitsi muli m'gulu muno, thandizeni. Ndaona kabuku ka Chingerezi kodzaza mipata, ka pasiti pafekiti ndi pasiti kontinyuwasi, ati K80. Wanga wa Giredi 9 amasokoneza had ndi was. Ndigule?

Bambo wa ku Chadiza: Musataye ndalama amayi. Muuzeni chabe kuti had ndi ya zakale kwambiri, was ndi ya zadzulodzulo.

Mphunzitsi wa ku Katete: Ayi atate, pamenepo ndi pamene ana amagwera. Had siiyeza kutalika kwa nthawi. Imaonetsa chimene chinayamba kuchitika pa zinthu ziwiri zakale, ngakhale zonse zili za m'mawa uno. Onani ichi, mneni wopatsidwa ndi leave:

When we reached the station, the bus ___.

Mukalemba had left, mwati basi inali itanyamuka kale, munapeza fumbi lokha. Mukalemba was leaving, mwati munaipeza ikunyamuka, kondakitala akali pakhomo. Zonse ndi Chingerezi chabwino. Chimene chimagamula ndi chiganizo chotsatira. Chikati so we slept on a bench, basi inakusiyani, yankho ndi had left. Chikati so we ran and jumped in, mungalumphire bwanji basi yopita kale? Ndiye was leaving.

Mayi wa ku Kapata: Iii, ndiye mwana aziwerenga kutsogolo asanalembe?

Mphunzitsi wa ku Katete: Eya, ndime yonse kaye, pensulo ili pansi. N'chifukwa chake ndikufunsa: m'kabukumo muli nkhani zathunthu kapena ziganizo zoimirira pazokha?

Mayi wa ku Kapata: Ndinatsegula masamba awiri, wogulitsa akundiyang'anitsitsa. Ziganizo zamanambala, 1 mpaka 20. Mayankho ali kumbuyo.

Mtsikana wa Giredi 12: Ine ndinali nako kotere ndipo kanandithandiza. Ukaona while, ika was kapena were ndi -ing. Sindinaphonyepo.

Mphunzitsi wa ku Katete: Kawirikawiri zimatheka mwanawe, chifukwa while amakonda chinthu chimene chinali m'kati. Koma yesa ndi know. Palibe was knowing, monganso was owning. Ndipo when alibe mbali, waona wekha pa basi ija.

Mtsikana wa Giredi 12: Komabe leave, left, write, written ndinaziloweza mmenemo aphunzitsi.

Mphunzitsi wa ku Katete: Apo sinditsutsa. Mwana amene akulemba had went, kabuku kotere kamuwongola. Koma ngati vuto ndi kusanja chimene chinayamba, ziganizo zamanambala sizimuphunzitsa, angoloweza zakumbuyo.

Bambo wa ku Chadiza: Nanga K80 imeneyo si bwino kugula mabando, azionera pa foni?

Mayi wa ku Kapata: Foni ayi atate, ameneyo ndimamudziwa. Aphunzitsi, ndikajambula kope lake madzulo muone ngati ndi had went kapena ndi za basi zija. Wogulitsa ati katsala kamodzi, koma amatero tsiku lililonse.