Thandizeni, pa mwambo wa Lachisanu ndiyambe kutchula ndani?

Mphunzitsi wa kuchigwa: Abale ndithandizeni mutu wanga sukugwira. Lachisanu tikulandira buloko ya makalasi awiri imene bungwe lina latimangira pasukulu pathu, mbali ya ku Ngabu, yakale ija inagwa ndi Freddy mu 2023 ndipo ana a Sitandade 3 akhala akuphunzira pansi pa mtengo ndi dzuwa la kunoli. Ahedi andiuza dzulo lomweli kuti ine ndi amene ndiyendetse mwambo, pomwe mnzanga amene amachita zimenezi chaka chilichonse wakana ati sanapatsidwe alawansi ulendo watha, ndiye zonse andikhuthulira ine, mipando ine, tenti ine, mbuzinso akuti ndikaione ine. Kubwera aphungu, akhansala, a kwa bwanamkubwa, Gogo Chalo, magulupu awiri, anyakwawa, a bungwe aja, alangizi a maphunziro a zoni, abusa ndi ashehe. Aphungu akalenso akuti abwera poti ndi amene anayambitsa nkhaniyi. Ndiyambe ndani ndimalize ndani? Ndikuopa kuchititsa manyazi sukulu.

Mwana wa Mang'anja: Funso lake losavuta. MAFUMU POYAMBA. Malo amene mwamangapo bulokoyo anapereka ndani? Phungu amabwera ndi voti nkupita ndi voti, mfumu ilipo mpaka kale. Inu aphunzitsi a masiku ano ndi amene mukuononga mwambo.

Mayi wa ku Bangula: Ine zinandionekera pa mwambo wa mjigo. Ndinatchula gulupu wina ngati nyakwawa, sindinadziwe kuti anakwezedwa. Bamboyo anangotenga chipewa chake nkumapita, anthu ake onse pambuyo, gule amene anabwera naye osavinanso. Tinakapepesa ndi nkhuku. Mpaka lero tikakumana pamsika amandiyankha moni mokakamizika.

Mlembi wopuma: Aphunzitsi, mwatiuza za mbuzi ndi alawansi koma chachikulu simunanene. Mlendo wolemekezeka ndi ndani? Amene munamulembera kalata kuti adzadule riboni. Ameneyo ndiye woyamba kutchulidwa, kaya pabwere wina wooneka wamkulu. Komanso musasokoneze zinthu ziwiri. Kupereka ulemu koyambirira kumatsika, kuyambira wamkulu kupita kwa wamng'ono. Kuyankhula kumakwera, amayamba nyakwawa mwini mudzi, kenako gulupu, kenako Gogo Chalo, mpaka mlendo wolemekezeka amene amayankhula pomaliza, ndipo akatha iyeyo wina sagwiranso chimkuzamawu kupatula wothokoza ndi wopemphera.

Mwana wa Mang'anja: Mwaonatu, mwavomera nokha kuti nyakwawa ndiye amayamba.

Mlembi wopuma: Amayamba kuyankhula achimwene, polandira alendo m'mudzi mwake. Pa kutchula maulemu sayamba iyeyo.

Mwana wa Mang'anja: Ndiye mukufuna mundiuze kuti a Lundu atakhala pamenepo mungayambe khansala? Kuno ndi ku Chikwawa bambo, osati ku Lilongwe. Ine ndakhala pa miyambo yambiri kuposa nonsenu.

Mnyamata wa pa Dyeratu: A Lundu abwera liti pa nkhaniyi kodi, akutsegula makalasi awiri okha 😂 Aphunzitsi ingonenani kuti nonse ndakulemekezani monga mwa maudindo anu, basi, anthu akadye mbuzi dzuwa lisanawaphe.

Mayi wa ku Bangula: Ayi mwanawe, mawu amenewo woyendetsa mwambo sayambira. Amanena oyankhula apambuyo pofuna kusunga nthawi, wina atatchula kale onse. Ukayamba nawo iweyo mafumu amaona ngati wawaponya m'thumba limodzi ndi ana asukulu.

Mphunzitsi wa kuchigwa: Pepani ndinaiwala. Kalata ahedi analembera abwanamkubwa, koma dzana anaimba kuti iwo ali ndi msonkhano ku Blantyre atumiza bwana wa zamaphunziro wa paboma.

Mwana wa Mang'anja: Basi wotumidwayo apite kumapeto. Mthenga si mfumu.

Mlembi wopuma: Apa ndiye mwalakwitsa zenizeni. Woimira mlendo wolemekezeka amakhala pampando wa amene wamutuma, amatchulidwa poyamba, amawerenga mawu a bwana wake pomaliza. Chofunika ndi kunena momveka kuti akuimira ndani, osamutchula kuti bwanamkubwa ayi, anthu amamudziwa. Ine ndikanayamba chonchi:

Mlendo wathu wolemekezeka, bwana mkulu wa zamaphunziro m'boma lino, amene mukuimira abwanamkubwa. Olemekezeka phungu wa Nyumba ya Malamulo wa dera lino. Gogo Chalo, mfumu yathu yaikulu. Akhansala a wodi ino. Akuluakulu a bungwe limene latimangira bulokoyi. Alangizi a maphunziro a zoni ino. Magulupu ndi anyakwawa nonse. Abusa ndi ashehe. Ahedi, aphunzitsi, a komiti ya sukulu, makolo, ndi inu ana athu.

Pa aliyense wa asanu oyambawo nenani udindo kenako dzina, ndipo imani pang'ono mumuyang'ane, kwa Gogo Chalo mupatse mpata anthu aombe m'manja mwaulemu. Mufunsenso kalaliki wa mfumu ngati ili mfumu ya ndodo chabe kapena inakwezedwa kukhala Siniya Chifu, chifukwa mukatsitsa pamenepo ndi zija zawaonekera amayi a ku Bangula.

Khansala wakale: Mndandanda wabwino koma khansala mwamuika pansi. Khansala ndi wosankhidwa ndi anthu, ndipo sukulu za pulayimale zili pansi pa khonsolo. Ine nthawi yanga ndinkatchulidwa mfumu isanatchulidwe. Komanso aonetsetse, ngati khansala wawoyo ndi amenenso ali wapampando wa khonsolo, nkhani yasintha, ameneyo akukwera pamwamba pafupi ndi mlendo wolemekezeka.

Mlembi wopuma: Za wapampandozo mwanena zoona. Koma za khansala wamba ndi Gogo Chalo ndaona zonse ziwiri, ena amayamba uyu ena uyu, ine kumudzi ndimatsogoza mfumu chifukwa ikakhumudwa ndi imene mukhale nayo chaka chonse.

Mwana wa Mang'anja: Ndiye bwanji phungu mwamuika pamwamba pa mfumu? Mfundo yanu yomweyo ikukutsutsani. Phungu tikamuona Lachisanu tidzamuonanso nthawi ya kampeni. Ine ndikanakhala Gogo Chalo ndikanadzuka.

Mayi wa ku Nchalo: Inu mukukangana za mayina, kodi madzi akumwa mwakonza? Ife tinaika alendo mu tenti ya pulasitiki mwezi wa Okutobala, mayi wina anakomoka mwambo uli mkati. Yambani 9 koloko, ikafika 11 kulibe amene amamva zoyankhula.

Mphunzitsi wa kuchigwa: Nanga aphungu akale aja? Ndi magulupu awiriwo, sagwirizana chifukwa cha malire a munda wa sukulu, wina akuti sukulu ili kwake winanso akuti kwake.

Mlembi wopuma: Aphungu akale muwatchule pambuyo pa onse amene ali pa maudindo panopa, munene momveka kuti phungu wakale, ndipo pa pulogalamu ya oyankhula asakhalepo, apo ayi mwambo usanduka msonkhano wa chipani. Ahedi akhoza kuwathokoza m'mawu awo. Magulupuwo musasankhe nokha. Pitani kwa Gogo Chalo mawa ndi pepala lanu, iwo anene amene ayambe ndi amene ayankhule, mukatero wodandaula akadandaule kwa mfumu yake. Lachisanulo mukhale ndi pensulo, muime pamene akutsikira alendo, muzichonga amene wafikadi. Kutchula munthu amene sanabwere pomwe womuimira wakhala pompo osatchulidwa kumapweteka kwambiri. Wofika mochedwa musadule amene akuyankhula, dikirani amalize ndiye mumulandire.

Mphunzitsi wa kuchigwa: Zikomo bambo, ndalemba zonse. Koma pali china, apampando a komiti angondiuza pano kuti iwo anakauza aphungu pakamwa kuti ndi amene adzadule riboni, ndipo aphunguwo avomera, akubwera ndi mipira ya ana. Ahedi sakudziwa.

Mwana wa Mang'anja: Mukanayamba ndi mafumu zonsezi sizikanachitika.

Mlembi wopuma: Zimenezo si zanu kukonza pa chimkuzamawu aphunzitsi. Auzeni ahedi usiku uno, aimbire ofesi ya abwanamkubwa mawa m'mawa, amvane okha kuti riboni adula ndani. Musasindikize pulogalamu asanakuyankheni.