Lipoti likuti olongedza tiyi achita ulesi, koma magetsi anali atazima

Kalaliki wa ku Thyolo: Akuluakulu ndithandizeni, lipoti la Febuluwale landisokoneza. Ku fakitale kwathu muyezo wa polongedza ndi theka la ola pa thumba, ola ndi K800. Tatulutsa matumba 3,000, ndiye anayenera kukhala maola 1,500. Talipira maola 1,800, ndalama yonse K1,530,000. Ine ndapeza kuti pa mtengo wa ola taluza K90,000, pa kagwiridwe ka ntchito taluza K240,000. Bwana akufuna kulembera kapitawo kalata ya chenjezo.

Mayi akauntanti, Mulanje: Achimwene, K90,000 ili bwino, chifukwa ola mwalilipira K850 m'malo mwa K800, ndipo mwachulukitsa ndi maola onse olipiridwa. Koma pa 1,800 paja, anthu anagwiradi ntchito maola angati?

Kalaliki wa ku Thyolo: Buku la kapitawo likuti maola 400 anangokhala. Magetsi anazima, jenereta inalibe dizilo.

Mayi akauntanti, Mulanje: Ndiye kalatayo idikire kaye. Maola ogwira ntchito ndi 1,400 basi. Ntchito ya maola 1,500 aimaliza m'maola 1,400, apulumutsa maola 100, omwe pa K800 ndi K80,000 yokomera kampani. Maola 400 ongokhalawo aikeni pamzere wawokha, K320,000 yotayika. Inu munaziphatikiza ziwirizi n'kupeza K240,000, ndipo nambala imeneyo yabisa zinthu ziwiri nthawi imodzi, kukula kwa vuto la dizilo ndi khama la anyamatawo. Woyenera kufunsidwa ndi wogula dizilo, osati kapitawo.

Wophunzira ntchito: Amayi, sikuyenera kukhala K340,000? Paja maolawo analipiridwa pa K850.

Mayi akauntanti, Mulanje: M'thumba munatulukadi K340,000, koma K50 yapamwambayo taiwerenga kale mu K90,000 ija. Mukaibwereza nambala sizigwirizana. Yesani: 90,000 kuphatikiza 320,000 kuchotsa 80,000 ndi 330,000, chimodzimodzi 1,530,000 kuchotsa 1,200,000 ya muyezo.

Wa malipiro ku esiteti: Kwathu othyola tiyi timawalipira pa kilo, ndiye mvula ikawaimitsa sitiona chilichonse cha izi.

Kalaliki wa ku Thyolo: Zimenezo ndi za kumunda achimwene, ife ndi a pa ola.

Mkulu wopuma pa ntchito: Ine bukulo ndi lomwe ndikulikayikira. Wolemba maola ongokhala ndi kapitawo yemweyo, ndipo ola lililonse lomwe awonjezere limamuyeretsa. Atakhala kuti enieni ndi 250, K80,000 yokomerayo isanduka K40,000 yotayika. Fanizirani ndi buku la amagetsi a pafakitale. Komanso K850 yachokera kuti? Ngati ndi ovataimu yothamangitsa ntchito magetsi atayaka, nayonso ndi mlandu wa dizilo uja.

Kalaliki wa ku Thyolo: Ovataimu inalipodi Loweruka kawiri. Buku la amagetsi ndikalifunsa mawa, ngati amalemba n'komwe.