Ndimuuze bwanji kuti walakwitsa koma asagwe ulesi?

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito ya zowerengera ndalama pa ofesi ina kuno ku Zomba, ndipo andipatsa mtsikana wangomaliza kumene maphunziro kuti ndizimuyang'anira.

Ndi wakhama, sachedwa ngakhale amachokera ku Chinamwali. Vuto lili pa malisiti a mafuta a galimoto. Amalemba ndalama yomwe dalaivala anapempha, osati yomwe ili pa lisiti, ndiye pakutha pa mwezi mabuku sagwirizana.

Ulendo woyamba ndinazunguliza zolakwikazo ndi cholembera chofiira n'kumubwezera pamaso pa anzathu. Anangoti "pepani bwana", maso ali pansi. Chiyambire tsikulo safunsanso kanthu, chikamuvuta amangolemba mongoganizira. Apa ndiye zaipiratu. Ulendo wachiwiri ndinangokonza ndekha mwakachetechete, mwezi uno wabwerezanso zomwezo.

Ndikuganiza zomuitana patokha Lachisanu, titenge malisiti atatu okha, awayerekeze yekha ndi zomwe analemba mpaka aone pomwe pasiyana. Koma kodi ndiyambe ndi kumuyamikira? Ndikuopa kuti azingodikira "koma" wanga. Nanga za cholembera chofiira zija, ndipepese kapena ndingozisiya? Inu munatani ndi wanu?