Mbiri ya apampando athu mu pulopozo: ndilembemo chiyani?

Mlembi wa gulu, ku Muloza: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Gulu lathu likupempha K4,500,000 yokonzera mijigo itatu yomwe inawonongeka ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Pa fomu akufuna mbiri ya wotsogolera ntchito, mawu osapitirira 120. Apampando athu ndi mayi wothyola tiyi, sukulu analekera Sitandade 8. Ndalemba kuti ndi wolimbikira, wokhulupirika, wokonda chitukuko, koma ndikawerenga zikumveka ngati mawu a pamaliro. Kapena ndingoikapo dzina langa, poti ine ndili ndi satifiketi ya Fomu 4?

Mnyamata wa ku Luchenza: Ikani lanu achimwene, anthu amenewa amaona mapepala. Ine ntchito ya pa sitolo ndinaipeza choncho.

Mayi wa ku Chitakale: Iyi si kalata yofunsira ntchito, mwanangu. Alembi, musayerekeze. Opereka thandizo ena amabwera kudzaona malo asanatulutse ndalama. Akafunsa pa mjigo kuti amatsogolera ndani, anthu n'kutchula mayiwo pomwe pepala likunena inu, pulopozo yathera pomwepo.

Zoti wokhulupirikazo fufutani, aliyense amalemba zomwezo. Owerenga akufuna kudziwa ngati mayiwa anagwirapo ndalama za anthu, zingati, ndipo angawachitire umboni ndani. Anasungapo chiyani?

Mlembi: Akhala msungichuma wa komiti ya mjigo kuyambira 2018. Mabanja 64 amasonkha K500 pamwezi, zonse amalemba m'kope. Alinso ndi banki m'khonde.

Mayi wa ku Chitakale: Ndiye mumabisiranji zimenezi? Yambani chonchi: "Kuyambira 2018 amasunga ndalama za mjigo wa mabanja 64, K32,000 pamwezi onse akasonkha, ndipo amawerenga kope la ndalama pamsonkhano wa mudzi." Zowerengazo lembani ngati amachitadi. Kenako nenani ndalama zomwe banki m'khonde inagawana chaka chatha, monga zilili m'buku, osakweza. Nenaninso poyera kuti malipoti muzilemba ndinu, ndi kuti ku akaunti ya gulu sasainira okha. K32,000 ndi K4,500,000 n'zotalikirana, owerenga aona, ndiye osainira enawo ndi amene awakhazike mtima pansi. Za Sitandade 8 musanamizire, koma ngati fomu sinafunse, mawu 120 ndi ochepa.

Bambo wa ku Limbuli: Kalata ya agulupu yokhala ndi chidindo imakwana. Muonjezerenso kuti nyumba yawo inagwa ndi Freddy, anthu amve chisoni.

Mayi wa ku Chitakale: Kalatayo inde, pamodzi ndi ya komiti ya chitukuko ya m'dera, koma muwauziretu kuti mwina adzaimbiridwa foni. Za nyumba chiganizo chimodzi basi, eniake akalola. Mukachulukitsa, ena aganiza kuti ndalama za mijigo zikagula malata.

Mlembi: Chinanso. Mu 2021 kopelo linanyowa, masamba a miyezi inayi anafufutika. Ndinene?

Bambo wa ku Limbuli: Mukudzipalira makala pamutu. Akufunsani ndani?

Mayi wa ku Chitakale: Mu mbiri ayi, koma akadzapempha kope muyambe ndinu kunena. Malisiti a zipangizo za chaka chimenecho alipo?

Mlembi: Awiri okha. Ndikafunsa amakanika a mjigo mawa ngati anasunga awo.