Ya kabaza ndiziphatikiza pa mtengo wa nkhuku kapena kasitomala azilipira payekha?

Make Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni nzeru abale. Ine ndimaweta mabuloila kuno ku Area 25 ndipo ndimagulitsa zokonzakonza, zososola kale. Poyamba nkhuku ndinkapanga K12,000 ndipo wofuna kumusiyira ankalipira yekha wa kabaza, koma anthu amangoti akamva za thiransipoti basi zii osayankhanso. Nde mwezi wathawu ndinakweza kufika K13,000 nkulemba pa sitetasi kuti kukusiyirani ndi ulere mu Lilongwe muno. Maoda anachulukadi sindikana, koma nditawerenga ndalama zoti ndikagulire anapiye ena ndi fidi ndaona kuti sizikukwana mmene ndimayembekezera, komanso mayi ena a lesitilanti omwe ankatenga 10 sabata iliyonse asiya, akuti kwina akupeza pa K12,000. Ndibwerere zakale kapena ndikwezenso?

Achimwene a Mazira: Thiransipoti imalowa mu mtengo mami, palibe kuchitira mwina. Ine mathileyi anga ndikakatenga ku famu ndalama ya galimoto ndimaigawa pa thileyi iliyonse, ukapanda kutero ukudya mpamba osadziwa.

Anambewe: Achimwene imeneyo ndi ina. Yokatengera katundu kooda, kaya anapiye kaya fidi, imeneyo inde ilowe mu mtengo chifukwa nkhuku iliyonse yadya nawo. Apa akunena yochokera pakhomo pawo kupita kwa kasitomala, ndipo imeneyi si aliyense amaifuna komanso siifanana. Make Tadala muli ndi kope lomwe mumalembamo? Tiuzeni mwagulitsa zingati, zingati anthu anabwera okha kudzatenga, wa kabaza anayenda maulendo angati ndipo munamupatsa zingati zonse pamodzi.

Make Tadala: Ndimalemba ndithu. Zonse zinali 80. Zokwana 20 anthu anadzatenga okha pakhomo, 60 zinapita pa kabaza, maulendo 26. Wa kabaza ndamulipira K91,000 mwezi wonse. Nkhuku imodzi mpaka kuilowetsa mu filiji imandidyera pafupifupi K9,000 kuwerengera mwanapiye, fidi, mankhwala, makala ndi mnyamata wososola.

Anambewe: Chabwino. Pa maulendo 26 aja, ndi angati omwe wa kabaza ananyamula nkhuku imodzi yokha?

Make Tadala: Ndawerenga pompano, ndi 14. Enawo 12 ndi omwe ananyamula 46 zotsalazo.

Anambewe: Vuto lanu lili pamenepo mami, tiyeni tiyende limodzi pang'onopang'ono. K1,000 yomwe munaonjezera pa nkhuku 80 yakupatsani K80,000, kabaza watenga K91,000, nde K11,000 yachoka pa phindu lanu. Ukangoona choncho umati ndi zochepa, ndingokweza ndi K200 basi zitheka. Koma taonani mkatimo. Ulendo umodzi ukukudyerani pafupifupi K3,500. Maulendo 14 a nkhuku imodzi aja atenga K49,000 pomwe anthu ake anakupatsani K14,000 yokha ya thiransipoti, ndiye kuti pamenepo pokha pali dzenje la K35,000. Amene akukwirira dzenjelo ndi anthu a nkhuku 20 aja omwe anayenda wapansi kudzatenga pakhomo nkulipira K1,000 ya kabaza yemwe sanamuone, ndi mayi a lesitilanti omwe pa nkhuku 10 amalipira K10,000 yoonjezera pa ulendo wa K3,500. Mayiwo sanalakwe kuchoka, anawerenga. Ndipo anthu amenewa akamachoka mmodzimmodzi mudzatsala ndi a nkhuku imodzi okhaokha, omwe pa oda iliyonse mumatsala ndi K500, chifukwa K13,000 kuchotsa K9,000 kuchotsanso K3,500 ndi imeneyo.

Wa kabaza satchaja pa nkhuku, amatchaja pa ulendo ndi mtunda. Kaya mu kulabokosi muli imodzi kaya 8 mtengo wake ndi womwewo. Inu munaika ndalamayo pa nkhuku, nchifukwa chake sizikugwirizana.

Make Tadala: Mmm zoona. Ndipo K3,500 imeneyo ndi yapakatikati chabe. Area 49 amanditchaja K2,000, Area 18 ndi Area 47 K3,500, koma panali tsiku lina mtsikana wina wa ku Area 36 anaoda imodzi, wa kabaza anati K7,000 osatsika olo pang'ono chifukwa kunali mvula ndipo ndi kuwoloka tauni yonse. Ndinaima pageti ndi nkhuku ili mu jumbo foni ili kukhutu, kukana sindikanatha poti ndinalemba ndekha kuti ulere. Inapita, ndipo tsiku limenelo ndinaluza K3,000 pa nkhuku yomwe ndaisamala masabata 6.

Sisi wa Mawigi: Koma ine ndikuona mosiyana pang'ono. Anthu a pa intaneti amadana ndi kuuzidwa mtengo kawiri. Ukamuuza K12,000 kenako nkuti kuphatikiza K3,500 amaona ngati wamubera olo ndalama yake ikhale yomweyo. Ine chiyambireni kulemba mtengo umodzi wophatikiza zonse palibenso zokanganirana ku inibokosi, ndipo ndimatumiza mpaka Blantyre ndi Mzuzu pa kolia osamutchaja munthu kanthu. Make Tadala ingokwezani ifike K15,000, ofuna adzagula.

Anambewe: Sisi pa mawigi zikuyenda chifukwa wigi ndi yopepuka, siiwola, ndipo phindu la imodzi limameza ya kolia osamva. Komanso wigi yanu munthu sangaiyerekeze ndi ya wina mosavuta. Nkhuku mtengo wake aliyense amaudziwa, akangotuluka pageti pa msika wa Nsungwi zili mbwee. Ya K15,000 agula ndani pomwe neba akupanga K12,000? Pa katundu yemwe phindu lake ndi lochepa kuposa ulendo wa kabaza, kubisa thiransipoti mu mtengo sikutheka. Koma zoti anthu amadana ndi kumva mtengo kawiri mwanena zoona, ndipo mwina nchimene chinkawathawitsa poyamba paja, ankamva za thiransipoti kumapeto atagwirizana kale.

Sisi wa Mawigi: Eya nchimene ndikutanthauza. Kaya muilekanitsa, koma ilembedwe pa positi pomwepo munthu asanafunse.

Madala a Hadiweya: Ndiikepo langa ngakhale ine ndi wa simenti ndi malata. Ife sitinayambe taphatikizapo, thumba lili ndi mtengo wake ndipo lole ili ndi mtengo wake malinga ndi komwe kuli saiti. Chifukwa china ndi mafuta. Mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo anachoka pa K1,746 kufika K2,530 pa lita. Amene anali ndi thiransipoti payokha anangosintha mzere umodzi, anthu nkumvetsa poti aliyense amadziwa kuti mafuta akwera. Koma ukaibisa mu mtengo umayenera kukweza katundu yense, ndipo kasitomala amangoona kuti wadulitsa. Ndipo mafuta akasowa pa mafilingi siteshoni a kabaza amagula a zigubu, mtengo wa mmawa si wa madzulo. Mwana wanga musalonjeze ulere pa chinthu chomwe mtengo wake simuulamulira ndinu.

Make Tadala: Zikomo madala. Nde ndipange bwanji kuti aja anazolowera ulere asandithawe onse? Chifukwa ena mwa iwo ndi makasitomala abwino ndithu.

Anambewe: Ine ndikanakhala inu ndikanabweza nkhuku pa K12,000 kwa aliyense, kenako madera nkuwagawa patatu malinga ndi mitengo yomwe mwatchula ija, pafupi K2,000, pakati K3,500, kutali K7,000. Khalani pansi ndi wa kabaza wanu mugwirizane dera lililonse lili gulu liti, musamakambirane nkhuku ili kale mu jumbo. Ulere usathe koma ukhale ndi poyambira. Dzifunseni kuti pa K3,000 ya phindu la nkhuku imodzi mungalolere kutaya zingati kuti mugulitse zambiri nthawi imodzi. Tinene K700. Mukagawa mtengo wa ulendo ndi K700 mupeza nambala ya nkhuku zomwe ulere ukuyambira. Pafupi ndi zitatu, pakati ndi 5, kutali ndi 10. Wofuna imodzi ku Area 18 alipira K15,500 yonse, kapena auzane ndi anzake a ku ofesi atenge 5 pamodzi, ndipo mudzaona ambiri amachita zimenezo. Mayi a lesitilanti aja aimbireni mawa, 10 pa K120,000 kuwasiyira ulere, inu mutsala ndi K26,500 mutachotsa kabaza.

Achimwene a Mazira: Apa ndamva tsopano, pepani ndinathamanga. Koma onjezanipo tsiku. Ine mazira a mashopu ndimaperekera Lachiwiri ndi Lachisanu basi, njira imodzi. Mukasonkhanitsa maoda a mbali imodzi, monga Area 49, 47 ndi 18, wa kabaza mumamulipira ulendo umodzi nkumuonjezera kangachepe pa malo aliwonse oima. Pamenepo a nkhuku imodzi aja mutha kuwatchaja K1,500 aliyense osaluza.

Make Tadala: Imeneyo ndaikonda koma nkhuku si dzira achimwene. Magetsi akazima tsiku lonse filiji imayamba kusungunuka, nde kusunga oda ya Lolemba mpaka Lachisanu ndimaopa. Mwina ndizipha Lachinayi madzulo zomwe zalipiridwa kale zokhazokha. Komanso ambiri amaoda 10 koloko akufuna aphike nkhomaliro yomweyo.

Anambewe: Wofuna lero lomwe alipire ulendo wonse, wodikira Lachisanu alipire yochepa, asankhe yekha. Ndipo mawu oti zalipiridwa kale mwawatchulawo muwagwiritse. Ine ndinatumizapo mafuta ophikira kwa munthu yemwe anati adzalipira katundu akafika, wa kabaza wafika foni yazima, anadikira mphindi 40 nkubwerera, ndinalipira kupita ndi kubwera katundu ali mmanja mwanga. Kuyambira pamenepo ya thiransipoti imayamba yalowa pa Airtel Money kapena Mpamba wa kabaza asanalize njinga. Musaiwalenso yotapira, ngati wa kabaza amafuna kashi ndinu mumadulidwa kwa ejenti.

Sisi wa Mawigi: Ine pa K15,500 ya nkhuku imodzi mpomwe ndikukaikabe. Munthu yemwe mwezi watha analipira K13,000 mpaka pakhomo aona ngati mwamukwezera K2,500, sadzawerenga zoti nkhuku yatsika. Pa 14 aja mwina theka simudzawaonanso.

Madala a Hadiweya: Akapita 7 wataya K3,500 yokha ya phindu, poti aliyense amamusiyira K500. Mayi a lesitilanti okha akuposa onsewo sabata imodzi.

Sisi wa Mawigi: Pa pepala inde madala, koma wa imodzi lero ndi amene amadzaoda 20 ya chinkhoswe mawa. Ine sindingawataye choncho.

Make Tadala: Zonsezi ndazimva. Batchi yomwe ili mkholamu ikwana pa 20, nde ndiyesa madera atatu aja ndi Lachisanu, ndipo aja 14 ndiwalembera mmodzimmodzi ndisanaike pa sitetasi kuti asadzidzimuke. Anambewe funso limodzi, wa ku Area 25 konkuno yemwe mwana wanga atha kukamusiyira pa njinga yakapalasa, ameneyo ndimutchaje kapena ayi?

Anambewe: Ngati ndi koyenda mphindi 10 musamutchaje, koma mwanayo muzimupatsa kenakake ndipo muzilemba mu kope, kuti tsiku lomwe ali kusukulu mudziwe kuti ulendowo ndi wa ndalama zingati.