Kasitomala wandinyoza poyera, zina ndi zoona zina ndi zabodza: ndimuyankhe bwanji?

Telala wa ku Chilomoni: Anzanga ndithandizeni maganizo ndisanalembe zoti ndidzanong'oneze nazo bondo. Mayi wina anandibweretsera nsalu mapisi atatu a mayadi 6, yoti ndisokere madilesi atsikana 6 operekeza pa chinkhoswe. Tinagwirizana K25,000 dilesi limodzi, atenge Lachitatu, mwambo Loweruka. Dzulo alemba pa tsamba langa zinthu zinayi: ndinachedwetsa zovala, zipi ya dilesi limodzi inatseguka mtsikana akuvina, ndinakweza mtengo mwakabisira, komanso ndinaba nsalu yotsala.

Ziwiri zoyambazo sindingakane. Ndinapereka Lachisanu madzulo chifukwa ndinadzichulukitsira ntchito ndi mayunifomu a sukulu, ndipo zipiyo ndinaisoka ndekha mothamanga. Koma miyezo ya atsikana awiri anaitumiza pa foni Lolemba la sabata yomweyo. Za mtengo, nsaluyo inali yopyapyala, ndinawafunsa ngati ndiike layining'i pa K5,000 dilesi lililonse, iwo anayankha pa uthenga wa mawu kuti "ikani". Apereka K150,000, yatsala K30,000 ya layining'iyo, akukana. Nsalu yotsala ndi tizidutswa, tili m'jumbo pansi pa tebulo pano. Mawu akuti wakubawa ndi amene andisowetsa tulo.

Mnyamata wa mafoni ku Limbe: Asisi musavutike. Jambulani macheza onse a pa WhatsApp ndi mauthenga a ndalama muponye pomwepo, anthu aweruze okha. Umboni muli nawo, mukuopa chiyani?

Agogo ogulitsa mandasi: Ayi mwanawe, kasitomala ndi mfumu. Pepesani zonse, K30,000 muisiye. Wamisala anaona nkhondo, ine ndinatayapo makasitomala a mpingo wonse chifukwa choyankha mmodzi.

Mayi wolandira alendo pa loji: Onse awiri mwakhudza penapake koma mungamupweteketse mnzathuyu. Akapepesa zonse, ndiye kuti wavomera kuti anaba nsalu, ndipo aliyense wowerenga mawa adzaopa kumusiyira chitenje chake. Akaponyanso zithunzi za macheza, muli nambala ya mayiyo ndi miyezo ya m'chiuno ya ana a eni. Mlandu ausiya wa nsalu nkuyamba wina.

Ntchito yanga ndi kuyankha madandaulo ngati amenewa, ndiye ndikuuzeni mmene ndimachitira. Choyamba imbani foni musanalembe chilichonse. Nthawi zambiri chomwe chamuwawa munthu ndi chimodzi, zinazo amangowonjezera kuti nkhani ilemere. Pano ndikuganiza kuti ndi zipi ija, chifukwa mayiyo anachita manyazi pamaso pa akuchimuna. Mulekeni alankhule mpaka atope, osamudula.

Kenako muyankhebe poyera, kamodzi kokha, chifukwa amene anawerenga dandaulo sanamve foni yanu. Yambani ndi zomwe munalakwa, muzitchule ndi maina ake. Musalembe kuti "pepani ngati mwakhumudwa". Kamawu ka "ngati" kameneka kamamveka ngati mukukayika kuti munthu wapwetekadi. Mukapepesa ikani mpumiro, musalumikize ndi "koma", chifukwa owerenga amaiwala zonse zomwe mwalemba musanafike pa "koma". Zokonza mfundo ziyambe pa ndime yake, zikhale za tsiku ndi ndalama basi. Mawu oti "mukunama" asapezekemo. Ndikanakhala inu ndikanalemba chonchi:

"Zikomo mayi potiuza. Tinalonjeza Lachitatu, tinapereka Lachisanu madzulo, ndipo zipi ya dilesi limodzi sinasokedwe bwino. Kumeneku ndi kulakwa kwanga, pepani kwambiri chifukwa linali tsiku lalikulu la banja lanu. Bweretsani dilesilo ndisinthe zipi kwaulere.

Pa za mtengo, tinagwirizana K25,000 dilesi limodzi, kenako tinakambirana zoika layining'i pa K5,000 ndipo munavomera. Ndakutumiziraninso uthengawo ku foni yanu kuti muumvere. Nsalu inali mayadi 18, dilesi lililonse lalitali linadya pafupifupi mayadi 3. Zidutswa zotsala ndasunga, mutha kudzatenga kapena ndikutumizireni lero."

Mwaona, simunanene kuti ndi wabodza, koma wowerenga akawerengetsa 6 kuchulukitsa ndi 3 adziwa yekha komwe nsalu inapita.

Telala wa ku Chilomoni: Zikomo mayi, mtima wakhalako pansi. Nanga za miyezo ija yobwera mochedwa mwazisiyiranji? Zimenezo ndi zoona ndithu.

Mayi wolandira alendo pa loji: Ndazisiya dala. Ndikufunseni, madilesi anayi ena aja anali atatha pofika Lachitatu?

Telala wa ku Chilomoni: Ayi, awiri okha.

Mayi wolandira alendo pa loji: Ndiye miyezo si imene inakuchedwetsani. Mukaitchula, iwo ayankha kuti "nanga anayi aja bwanji", ndipo kupepesa kwanu konse kuoneka kwachiphamaso. Konzani chokhacho chomwe mukaimapo simungagwe. Zakanakhala kuti anayiwo anali okonzeka, bwenzi ndikuti itchuleni m'chiganizo chimodzi.

Telala wopuma wa ku Zomba: Ine changa ndi cha zipi. Dilesi lothina la munthu wokavina musamaike zipi yobisika yotchipa ija, imang'ambika pamene msoko wa m'chiuno wakumana ndi layining'i. Ikani yolimba, ndipo pamwamba pake musokerepo kandowe kogwira.

Mnyamata wa mafoni ku Limbe: Bambo funso si la zipi. Koma ine ndikuonabe kuti K30,000 ija itchulidwe poyera. Anthu adziwe kuti wodandaulayo ali ndi ngongole.

Wophika makeke ku Area 25: Apo ayi achimwene. Ine ndinachitapo zomwezo kwa mayi wina amene anati keke yanga inafika itapendama, pomwe anainyamula okha pa kabaza. Ndinalemba kuti "mumalize kaye kulipira", anthu onse anandiukira kuti ndikuyalutsa kasitomala, za kabaza zija palibe anazionanso. Ngongole mukambirane awiri. Komanso asisi, zidutswazo muzibweza nthawi yomwe mukupereka zovala, ngakhale kakhale kakang'ono ngati mpango wa m'manja. Atelala mbiri imeneyi muli nayo kale, yosoka masiketi a ana anu ndi nsalu za eni, musakwiye.

Agogo ogulitsa mandasi: Ndamva za nsaluzo, pamenepo asavomeredi. Koma ndalamayo ndikuti aisiyebe. Mwana wa eni anaima kumbuyo kuli pululu pa gulu, zipi yaulere ingalipire manyazi amenewo?

Mayi wolandira alendo pa loji: Agogo mfundo muli nayo. Ine ndikanachotsa K25,000 ya dilesi lowonongekalo, nkunena momveka kuti ndachotsa chifukwa cha zipi ndi kuchedwa, osati chifukwa mtengo unali wolakwika. Mukangoti "basi isiyeni" osafotokoza, kwa iwo zikhala umboni woti munawabera ndipo mwagwidwa.

Wophika makeke ku Area 25: Ndiye itsala K5,000, muziitsatira munthu wokwiya chifukwa cha K5,000? Kapena achotse ngongole yonse, kapena achotse theka. Ine ndikuti theka.

Telala wa ku Chilomoni: Ndaimba kawiri sakuyankha, koma uthenga wa mawu uja ndatumizanso ndipo zikuonetsa kuti aumvera. Yankho lija ndaika momwe munalembera, ndangochotsa "kwambiri" chifukwa sindilankhula choncho. Mchemwali wawo wayankha pansi pake kuti adzatenga zidutswa mawa masana ndi dilesi lija. Za wakuba sanabwerezenso, komanso sanafufute. Za K30,000 sindinatchule, ndiona nkhope ya mchemwaliyo akafika.